Fakitoriyo imanyamuka mochedwa, koma imadzapitirira pawa iliyonse

Pali mindandanda iwiri ya manambala imene imapusitsa ngakhale anthu amene masamu anawalowerera. Woyamba umayambira pa 10, ndipo pa sitepe iliyonse umachulukitsidwa ndi 10, motero umayenda chonchi: 10, 100, 1,000, 10,000. Wachiwiri umayambira pa 1. Nambalayo imachulukitsidwa ndi 2, yankho lake n'kulichulukitsa ndi 3, lotsatiralo ndi 4, kumangopita choncho: 1, 2, 6, 24, 120. Mindandanda iwiriyi itati ipitirire osaima, ndi uti umene ungakhale patsogolo?

Munthu woyang'ana ndi maso okha sangachedwe kuyankha. Pa sitepe ya 5, woyamba uja wafika kale pa 100,000 pamene mnzake akadali pa 120. Pa sitepe ya 10, woyamba uli pa mabiliyoni 10, wachiwiri uli pa 3,628,800 basi. Koma amene angabetchere woyambawo ndalama zake zapita. Pa sitepe ya 25 wotsalira uja amadutsa, ndipo kuchokera pamenepo sapezedwanso.

Mndandanda woyambawo akatswiri a masamu amaulemba 10^n, kutanthauza ma 10 okwana n ochulukitsidwa pamodzi. Kukula kwa mtundu umenewu, kochulukitsa ndi nambala imodzimodzi nthawi zonse, ndiko kukula kwa mapawa. Wachiwiriwo ndi fakitoriyo, ndipo umalembedwa n!, chizindikiro chimene Christian Kramp wa ku France anayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 1808. Choncho 5! ndi 1 × 2 × 3 × 4 × 5, zimene zikupereka 120.

Njere za tirigu ndi mabelu a m'tchalitchi

Kukula kwa mapawa kuli ndi mbiri yoopsa, ndipo mbiriyo siyabodza. Nkhani yake yotchuka, imene wolemba mbiri Ibn Khallikan analemba m'chaka cha 1256, ndi ya munthu amene anapempha mfumu kuti imulipire ndi tirigu pa bolodi la tchesi. Anati pakabokosi koyamba paikidwe njere imodzi, pakachiwiri ziwiri, pakachitatu zinayi, kumawirikiza choncho mpaka timabokosi tonse 64. Njere zonse zikaphatikizidwa zimakwana 18,446,744,073,709,551,615. Palibe nkhokwe ya mfumu imene ikanasunga tirigu wotere. Ngongole ya chiwongoladzanja chokwera pamwamba pa chinzake imakula mwa njira yomweyi, majeremusi ogawikana pawiri nawonso chimodzimodzi.

Fakitoriyo imabadwa kwina. Imatulukira pamene funso lili lakuti zinthu zingatsatizane m'njira zingati. Anthu atatu angathe kuima pamzere m'njira 6, chifukwa malo oyamba angatenge aliyense mwa atatuwo, achiwiri aliyense mwa awiri otsala, ndipo omaliza amatenga yekhayo wotsala. Anthu anayi njira zake ndi 24.

Ena mwa anthu amene anaimva m'thupi nambala imeneyi ndi oliza mabelu a m'matchalitchi a ku England. Mwambo wawo ndi woti mabelu azilira motsatizana, koma katsatidwe kake kazisintha nthawi iliyonse popanda kubwereza. Fabian Stedman anafotokoza kawerengedwe kake m'buku lotchedwa Campanalogia m'chaka cha 1677. Mabelu 7 ali ndi njira 5,040, ndipo gulu lozolowera limazimaliza m'maola pafupifupi atatu. Kungowonjezerapo belu limodzi, njirazo zimafika 40,320. Gulu lina linazimaliza ku Loughborough m'chaka cha 1963, litakoka zingwe kwa maola 17 ndi mphindi 58. Mabelu 12 ali ndi njira 479,001,600, ntchito ya zaka zoposa 30 usana ndi usiku.

Nanga tirigu wa mfumu uja? Njira zimene anthu 21 okha angaimire pamzere ndi 51,090,942,171,709,440,000, kuposa njere zonse za pa bolodi lonse la tchesi. Kuwirikiza kunafuna timabokosi 64 kuti kufike kumeneko, fakitoriyo yangofuna masitepe 21.

Phiri lokwera n'kutsika

Pofuna kudziwa bwino wopambana, akatswiri sayang'ana mindandanda iwiriyi payokhapayokha. Amagawa wina ndi unzake, n'kupeza mndandanda watsopano, 10^n / n!. Yankho likaposa 1 ndiye kuti pawa ili patsogolo, likachepera 1 ndiye kuti fakitoriyo yadutsa. Funso lenileni limakhala lakuti mayankhowa akulowera kuti n ikamakula mopanda malire. Nambala imene akuyandikira, ngati ilipo, ndiyo limiti ya mndandandawo.

Mayankho oyambirira ndi 10, kenako 50, kenako pafupifupi 167, 417 ndi 833. Pa sitepe ya 6 ndi 1,389, ya 7 ndi 1,984, ya 8 ndi 2,480. Wophunzira amene wabaya kakyuleta mpaka apa n'kusiya adzalemba molimba mtima kuti mndandandawu ukukwera mpaka kalekale. Mphunzitsi adzamuthetha, ndipo adzakhala atachita bwino.

Pa sitepe ya 9 yankho ndi pafupifupi 2,756. Pa sitepe ya 10 ndi lomwelo ndendende, osasintha ngakhale pang'ono. Pa sitepe ya 11 latsika kufika pa 2,505. Pa 15 lili pa 765, pa 20 lili pa 41, pa 24 lili pa 1.6, ndipo pa 25 lagwera pa 0.64. Pofika sitepe ya 30 latsala 0.0038.

Chifukwa chake chimaoneka poyera nambalayo ikamasulidwa zidutswazidutswa. Pamwamba pali ma 10 okwana n, pansi pali manambala kuyambira 1 mpaka n. Aliyense wa pamwamba akapatsidwa mnzake wa pansi, zimakhala chonchi:

(10/1) × (10/2) × (10/3) × ... × (10/n)

Sitepe iliyonse imangowonjezera chidutswa chimodzi kumapeto. Zidutswa 9 zoyambirira n'zoposa 1, choncho chilichonse chimakweza yankho. Chidutswa cha nambala 10 ndi 10/10, chomwe ndi 1, ndipo n'chifukwa chake sitepe ya 9 ndi ya 10 zinafanana. Kuyambira pa 10/11 kupita m'tsogolo, chidutswa chilichonse n'chochepera 1, ndipo kuchulukitsa ndi nambala yochepera 1 kumachepetsa chinthu. Pawa imachulukitsa ndi 10 lero, mawa ndi mkuja. Fakitoriyo imachulukitsa ndi 11, kenako 12, kenako 13, ndipo chochulukitsira chake sichiima.

Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Fakitoriyo imayamba kuthamanga kuposa pawa pa sitepe ya 11, koma imadutsa pa sitepe ya 25. Masitepe a pakatiwo ndi obweza mpata umene unapangika poyamba. Amene wangoyang'ana kuti ali patsogolo ndani pa sitepe ya 15 adzaona pawa ikutsogolabe kwambiri, osadziwa kuti mpikisano unagamulidwa kale.

Kutsika kokha sikukwanira

Wina angati nkhani yatha, popeza manambala akutsika ndiye kuti akupita ku ziro. Si choncho ayi. Mndandanda wa 2, 1.5, 1.33, 1.25, 1.2, umene ndi 1 + 1/n, nawo umatsika pa sitepe iliyonse, koma sudzafika pansi pa 1. Pamafunika umboni wosonyeza kuti kutsikako kulibe poimira.

Umboniwo ndi wosavuta. Kuyambira pa sitepe ya 21, zidutswa zatsopano ndi 10/21, 10/22, 10/23, ndipo chilichonse n'chochepera theka. Ndiye kuti kuchokera pa 41 wa pa sitepe ya 20 uja, sitepe iliyonse imadula yankho pakati, ndiponso kupitirira apo. Sitepe ya 21 siingapose theka la 41, ya 22 siingapose theka la thekalo, ndipo zimapitirira motero. Chinthu chodulidwa pakati mobwerezabwereza chimachepa kuposa nambala iliyonse imene munthu angatchule.

Mawu omalizawa ndiwo tanthauzo lenileni la limiti. Wotsutsa atchule nambala yaing'ono imene akufuna, tinene 0.000001. Kudula 41 pakati ka 26 kumapereka nambala yochepera pamenepo, choncho pofika sitepe ya 46 mndandanda wathu uyenera kukhala uli pansi pake, ndipo sungakwerenso chifukwa zidutswa zonse zotsala n'zochepera 1. Kunena zoona umafikapo msanga, pa sitepe ya 37, koma umboni sufuna kulondola kotero. Umangofuna kusonyeza kuti sitepe yotere ilipo. Wotsutsayo akatchula nambala ina yochepetsetsa, amangowerengeredwa matheka ena owonjezera. Palibe sitepe imene yankho limakhala ziro weniweni, komabe limiti yake ndi ziro.

Palibe chapadera pa nambala 10. Pa pawa ya nambala ina iliyonse a, bola ikhale yosasintha, zidutswa zimakhala a/1, a/2, a/3. Zimayamba kuchepera 1 pamene n yapitirira a, ndipo zimachepera theka pamene n yapitirira a wowirikiza kawiri. Choncho limiti ya a^n / n! ndi ziro, kaya a ndi 2, kaya ndi miliyoni. Njira yogawa nambala yotsatira ndi ya m'mbuyo mwake pofuna kuona chochulukitsira imadziwika ndi dzina la Jean le Rond d'Alembert, amene anaifalitsa m'chaka cha 1768 pofufuza za kuphatikiza manambala a mndandanda wosatha. Kugwa msanga kwa 10^n / n! kumachititsa kuti ngakhale mayankho ake onse ataphatikizidwa, kuyambira pa 1 wa sitepe ya ziro mpaka kalekale, asapitirire 22,027.

Pamene makina agonja

Pawa ikakhala ya nambala yaikulu, chinyengo chija chimakula kwambiri. Mndandanda wa 100^n / n! umakwera kwa masitepe 99, ndipo pansonga pake yankho limakhala nambala ya madijiti 43. Zimavuta kukhulupirira kuti chinthu chachikulu chotere chidzatsika mpaka kuyandikira ziro. Chimatsikadi, koma fakitoriyo imadutsa pa sitepe ya 269.

Amene angafune kudzionera yekha amakumana ndi khoma. Makakyuleta ambiri a sayansi, onga amene ana a sekondale amanyamula, sasunga nambala yofika 10^100. Amawerengera 69! bwinobwino, koma pa 70! amalemba Math ERROR. Pa kompyuta, pulogalamu ya Excel imafika pa =FACT(170), koma pa =FACT(171) imayankha #NUM!. Pawa ya 100 imagonja msanga kuposa apo, pa sitepe ya 155. Pa nthawi imeneyo yankho la mndandanda wathu likadali nambala ya madijiti oposa 30, ndipo munthu wodalira zimene waona pa sikirini angachoke ali ndi maganizo olakwika.

Vuto si makinawo koma kafunsidwe. Kuwerengera nambala ya pamwamba payokha, ya pansi payokha, kenako n'kugawa, n'kusenzetsa makina katundu wosafunika. Njira yabwino ndi yomwe ija ya zidutswa. M'danga A mulembedwe manambala 1 mpaka 300, mu B1 mulembedwe 100, ndipo mu B2 mulowe izi, kenako zikokedwe mpaka pansi:

```
=B1*100/A2
```

Palibe nambala imene imaphulika. Pa mzere wa 268 pamatuluka pafupifupi 1.09, pa mzere wa 269 pamatuluka 0.41.

Malo odutsira amenewa ali ndi dongosolo lake. Pawa ya 2 imadutsidwa pa sitepe ya 4, pamene 24 aposa 16. Ya 3 imadutsidwa pa sitepe ya 7, ya 10 pa 25, ya 100 pa 269, ndipo ya 1,000 pa 2,714. Kugawa sitepe ndi nambala ya pawayo kumapereka 2.5 pa 10, kenako 2.69, kenako 2.714. Manambalawa akuyandikira 2.718, nambala yotchuka imene imalembedwa e. Izi sizinangochitika mwangozi. M'chaka cha 1730 James Stirling wa ku Scotland, powonjezera pa ntchito ya Abraham de Moivre, anafalitsa njira yoyerekezera fakitoriyo imene lero imalembedwa chonchi:

n! ≈ √(2πn) × (n/e)^n

Pa 10! njirayi imapereka pafupifupi 3,598,696 m'malo mwa 3,628,800, kuphonya kosakwana 1 peresenti. Chimene ikunena n'chakuti fakitoriyo nayo ili ngati pawa, koma ya nambala n/e, imene imakula limodzi ndi n. Kuti ipose pawa ya 100, n/e iyenera kufika pafupi ndi 100, kutanthauza n wa pafupifupi 272. Chidutswa cha √(2πn) chimathandizako pang'ono, n'chifukwa chake kudutsako kumachitika masitepe angapo 272 asanakwane.

Zolakwa zimene zimabwerabwera

Cholakwa chofala kwambiri m'mayankho a ophunzira ndi chonena kuti popeza nambala ya pamwamba ikukula mopanda malire, ya pansi nayonso chimodzimodzi, ndiye kuti zikufafanizana n'kutsala 1. Mndandanda wa 10^n / n! ukupita ku ziro, ndipo ukatembenuzidwa kukhala n! / 10^n umakula mopanda malire, chonsecho m'mbali zonse ziwiri manambala ndi omwewo. Kudziwa kuti zinthu ziwiri zikukula sikuuza munthu kanthu za yankho la kugawa kwake.

Cholakwa china chimabwera kwa amene waphunzira bwino phunziroli mpaka kulipitiriza muyeso, n'kumati fakitoriyo imapambana chilichonse chokhala ndi n pamwamba. Umboni uja unadalira chinthu chimodzi, chakuti nambala ya pawayo isasinthe. Ikamasintha, nkhani imasinthanso. Pa n^n, pamene n akuchulukitsidwa ndi n yemweyo ka n, fakitoriyo imagonja. Zidutswa za n! / n^n ndi (1/n) × (2/n) × ... × (n/n). Palibe chimene chikuposa 1, ndipo choyambacho ndi 1/n, choncho yankho lonse silingapose 1/n, amene akupita ku ziro. Pa sitepe ya 10 ndi 3,628,800 kugawa ndi mabiliyoni 10, pafupifupi 0.00036. Chizindikiro chodziwira msampha umenewu n'kufunsa ngati nambala ya m'munsi mwa pawa ili ndi n mkati mwake.

Ulendo wa maboma 28

Kusiyana kumeneku kumaoneka bwino pa ntchito ya makompyuta. Tiyerekeze kampani yogawa katundu imene ikufuna kuchoka ku Lilongwe, kuyendera maboma ena onse 27 a dziko la Malawi kamodzikamodzi, n'kubwerera, ndipo ikufuna ulendo waufupi kuposa wina uliwonse. Za sitima ya ku Likoma tiziike kaye pambali. Njira yoyamba kubwera m'mutu ndi yoti kompyuta iyese katsatidwe kalikonse ka mabomawo n'kusankha kaufupi. Katsatidweko kalipo m'njira 27!, nambala ya madijiti 29. Kompyuta yoyesa njira biliyoni imodzi pa sekondi ingafune zaka pafupifupi mabiliyoni 345. Kuchotsapo theka, poti ulendo woyenda chobwerera m'mbuyo uli ndi mtunda womwewo, sikupulumutsa aliyense.

M'chaka cha 1962 Michael Held ndi Richard Karp, komanso Richard Bellman payekha, anasonyeza njira ina. Nzeru yake ndi iyi. Galimoto ikakhala kuti yayendera kale maboma ena ake ndipo yaima, tinene, ku Mzimba, zotsala za ulendowo sizidalira kuti inayamba ndi Dowa kapena Ntchisi. Chofunika n'kudziwa gulu la maboma amene ayenderedwa, pamene galimoto yaima, ndi mtunda waufupi wofikira pamenepo. Kompyuta imasunga mtunda umodzi wokhawo n'kutaya njira zina zonse. Tsono magulu amawerengedwa ndi pawa ya 2, chifukwa boma lililonse lili ndi mbali ziwiri zokha, kukhala m'gulu kapena kusakhalamo. Funso la katsatidwe lasanduka funso la magulu, fakitoriyo yasanduka pawa.

Ntchito yonse ya njira imeneyi siiposa pafupifupi n² × 2^n. Pa maboma 28, zimenezo ndi 784 kuchulukitsa ndi 268,435,456, pafupifupi mabiliyoni 210. Kompyuta ija yochita ntchito biliyoni pa sekondi ingamalize m'mphindi zitatu ndi theka, bola ikhale ndi malo okwanira osungira mitunda yonseyo, amene si ochepa.

Izi zisachititse wina kuganiza kuti pawa ya 2 ndi yofatsa. Malo amodzi akawonjezeredwa, ntchito ya njira ya Held ndi Karp imawirikiza kawiri n'kupitirirako pang'ono, pamene ya kuyesa katsatidwe kalikonse imawirikiza ka 28. Malo oyendera atati akwane 60, njira yabwino ija nayonso ingafune zaka zoposa 100,000 pa kompyuta yomweyo. N'chifukwa chake mapulogalamu ambiri okonzera maulendo a magalimoto safunafuna njira yaifupi kuposa zonse, amangopeza yoyandikira kwambiri imene ingapezeke galimoto isananyamuke.